Sikelo siiona mafuta a m'mimba, tepi ya telala imayandikirako

Muno mu Zomba mwabuka mkangano umene sindinkauyembekezera. Anyamata ndi atsikana ovala bwino akumayenda ndi masikelo agalasi m'maofesi, m'misonkhano ya amayi ndi m'magulu a anthu olimbitsa thupi. Umavula nsapato, n'kuponda pa tizitsulo tinayi, ndipo pakangopita masekondi ochepa pamatuluka manambala. Imodzi mwa nambalazo imakhala pafupi ndi mawu akuti Visceral fat, kutanthauza mafuta a m'kati mwa mimba, ndipo ndi imeneyi imene ikusowetsa anthu tulo. Woyezayo akaiona amapukusa mutu, n'kukuuza kuti mafuta akuta matumbo ako, kenaka amapisa dzanja m'chikwama kutulutsa tiyi kapena ufa woti ugule. Ngakhale gulu lathu loyenda m'mawa, limene limanyamukira ku Matawale kukadali chisisira, lagawikana pawiri. Ena akuti tisonkhe ndalama tigule sikelo yathuyathu kuti tisamanamizidwe ndi amalonda, ena akuti zonsezi n'zachinyengo basi.

Ine mbali yanga ndi iyi. Nambala imeneyi si muyeso wa mafuta a m'kati mwa mimba. Ndi kuyerekeza kumene kachipangizo ka m'sikelomo kamachita pogwiritsa ntchito kulemera kwanu, msinkhu wanu, zaka zanu, kuti ndinu mwamuna kapena mkazi, ndi kachinthu kamodzi kokha kamene kayeza m'miyendo. Tepi ya telala yokulungidwa pamimba nayonso siiona m'kati, koma imagwira malo enieni amene tikukambawo, ndipo nambala yake aliyense angathe kuibwereza. Choncho munthu asagule mankhwala, kapena kugona mwamtendere, chifukwa cha zimene sikelo yanena. Ndalama zosonkhazo tigulire tepi, zotsalazo tikayezetsere shuga.

Tiyambe ndi mafutawo, chifukwa pamenepa amalonda aja sakunama. Aliyense amene anaonapo mbuzi ikusendedwa amadziwa kuti mafuta ake ali pawiri. Pali ena amene amamatirira kunsi kwa chikopa, ndipo pali ena oyera ngati ukonde amene amakuta chifu ndi kumanga matumbo pamodzi. Munthu nayenso ali chomwecho. Mafuta amene mungawatsine ndi zala pamimba, pantchafu kapena pamatako ndi a kunsi kwa khungu. Ena ali kuseri kwa minofu ya pamimba, pakati pa ziwalo, ndipo simungawagwire. Achiwiriwa ndi amene madokotala amada nawo nkhawa kwambiri, pakuti magazi ochokera mmenemo amathira molunjika m'chiwindi, atanyamula zimene mafutawo amatulutsa. Mafuta amenewa akachuluka, thupi limayamba kuvutika kugwiritsa ntchito shuga, ndipo mwayi wodwala matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima umakwera. Njira yowaonera bwinobwino ndi kujambula m'mimba ndi makina a CT kapena MRI, amene amaonetsa mimba ngati mwaidula pakati, ndipo mafutawo amawerengedwa kukula kwa malo amene atenga. Palibe dokotala wanzeru amene angakutumizeni ku makina amenewa kuti mukangoona mafuta. N'chifukwa chake pakufunika njira yoyerekezera, ndipo funso ndi lakuti yabwino ndi iti.

Tsono sikelo ija imachita chiyani mukaipondapo? Imayeza zinthu ziwiri zokha. Choyamba ndi kulemera, monga sikelo ina iliyonse. Chachiwiri, imatumiza mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri, yosafika ngakhale pa miliampeya imodzi, moti simuimva n'komwe, kuchokera ku phazi lina kupita ku linzake, ndipo imaona mmene thupi lakanira magetsiwo. Nzeru yake ndi yoona: minofu ili ndi madzi ambiri ndi mchere, motero magetsi amadutsa mosavuta, pamene mafuta ali ndi madzi ochepa ndipo amakaniza. Koma taganizirani njira imene magetsiwo amadutsa. Amakwera mwendo wina, kudutsa m'munsi mwa chiuno, n'kutsika mwendo winawo. Alibe chifukwa chokwerera kumchombo, monga mmene munthu wochokera ku Chinamwali kupita ku msika sakwerera ku Ku Chawe. Zimene sikelo ya mapazi okha imayeza kwenikweni ndi madzi a m'miyendo yanu.

Wina anganene kuti alipo masikelo ena okhala ndi zogwirira m'manja, amene magetsi ake amadutsadi m'thunthu la thupi. Alipodi, ndipo ndi abwinoko. Komabe vuto lina limatsalabe. Madzi amavutika kudutsa m'paipi yopyapyala, koma m'ngalande yotakata amangoyenda. Magetsi nawonso amakanizidwa kwambiri m'mikono ndi m'miyendo chifukwa n'zazitali ndi zopyapyala, pamene thunthu ndi lalifupi ndi lotakata. Zotsatira zake n'zakuti thunthu, limene lili ndi pafupifupi theka la kulemera kwa munthu, limangopereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukaniza konse kumene makina amawerenga. M'kagawo kochepako muli minofu, chiwindi, matumbo, chakudya cha dzulo, mafuta a kunsi kwa khungu ndi a m'kati omwe. Kuti makina asiyanitse mafuta a mitundu iwiriyi kuchokera pa kagawo kameneka n'kovuta zedi.

Nanga nambala ija imachokera kuti? Opanga sikelo amatenga gulu la anthu, n'kuwajambula m'mimba ndi makina enieni aja, kenaka n'kupanga masamu olumikiza zimene apeza ndi kulemera, msinkhu, zaka ndi kukaniza kwa magetsi kwa anthuwo. Masamu amenewo ndi amene amaikidwa m'sikelo, ndipo makampani sawaulula. Inu mukapondapo, sikelo ikuyankha funso lakuti: mwa anthu amene tinawajambula, amene anali olemera chonchi, a msinkhu uwu ndi zaka izi, ambiri anali ndi mafuta ochuluka bwanji? Limeneli ndi funso labwino, koma yankho lake ndi la gulu, si la mimba yanu.

Ndinaona zimenezi ndi maso anga kunyumba kwa alamu anga ku Sadzi, amene anagula sikelo yotereyi. Iwo ali ndi zaka 46, msinkhu wawo ndi masentimita 170, ndipo amalemera makilogalamu 78. Anapondapo, sikelo inalemba 12. Ndinati, "Alamu, tabwezani zakazo mulembe 26 tione." Anaseka, koma anasintha, n'kupondanso pomwepo, mapazi omwewo, mimba yomweyo, tiyi wa m'mawa asanamwe n'komwe. Sikelo inalemba 8. Anayang'ana pansi, n'kuyang'ana mimba yawo, n'kunena kuti, "Ndiye kuti mafutawa apita kuti, alamu?" Sanapite kulikonse. N'zoona kuti anthu akamakula mafuta a m'kati amachuluka, ndipo n'chifukwa chake opanga anaika zaka m'masamu awo. Koma chida chimene chimasintha yankho mukachinamiza zaka chikudalira zimene mwachiuza kuposa zimene chapeza. Tepi mungaiuze kuti munabadwa dzulo, idzalembabe zomwezo. Amene muli ndi sikelo kunyumba, yesani zimenezi nokha musanandikhulupirire.

Tsopano ndimve a mbali inayo, chifukwa ali ndi mfundo zawo ndipo si anthu opusa. Mfundo yawo yoyamba ndi yakuti masikelo amenewa amapangidwa ndi makampani odziwika amene anachita kafukufuku, ndipo nambala yake imayenderana ndi zimene makina akuchipatala amapeza. Ndikuvomera kuti imayenderana ndithu. Mutatenga anthu ambirimbiri, amene sikelo yawapatsa nambala yaikulu ambiri adzakhaladi ndi mafuta ambiri m'kati. Koma zimenezi sizodabwitsa, pakuti munthu wolemera kwambiri, wamkulu zaka ndiponso wamwamuna amakhala ndi mafuta a m'kati ochuluka nthawi zambiri, ndipo zimenezo ngakhale ine ndingakuuzeni pongokuyang'anani. Pamene sikelo imagwa ndi pa munthu amene sakufanana ndi gulu lija. Taganizirani amuna awiri a zaka zofanana, msinkhu wofanana ndi kulemera kofanana. Wina ndi wakabaza wopalasa njinga tsiku lonse, wamapewa otakata ndi mimba yophwa. Winayo ndi wa muofesi, mikono yake yowonda, mimba itatsogola ngati mtsuko. Pa zinthu zisanu zimene sikelo imagwiritsa ntchito, zinayi n'zofanana mwa awiriwa, ndipo chachisanucho chikuchokera m'miyendo. Nambala zawo zidzayandikana kuposa mmene mimba zawo zilili. Tepi idzawasiyanitsa nthawi yomweyo.

Pali kanthu kenanso pamfundo yomweyi kamene oyeza m'misewu satiuza. Nambalayi ilibe muyeso wake, si makilogalamu, si masentimita, ndipo kampani iliyonse ili ndi makwerero akeake. Masikelo a Tanita amayambira pa 1 kufika pa 59, ndipo amati 1 mpaka 12 zili bwino. Masikelo a Omron amayambira pa 1 kufika pa 30, ndipo amati kuyambira pa 10 mafuta achuluka, pa 15 achuluka kwambiri. Choncho 12 wa alamu anga uja ndi wabwinobwino pa makwerero ena, koma wochenjeza pa ena. Munthu akakuuzani kuti muli pa 12 osanena kuti makwerero ake ndi ati, sanakuuzeni kanthu.

Mfundo yachiwiri ndi yamphamvu kuposa yoyamba, ndipo ndiyenera kuipatsa ulemu. Amati tepi nayonso siiona m'kati, imangokulunga zonse pamodzi: khungu, mafuta a pansi pake, minofu, matumbo, ngakhale mpweya wa nyemba zadzulo. Izi n'zoona ndithu, ndipo masamu ake ndi osavuta. Mafuta a kunsi kwa khungu atakhuthala ndi sentimita imodzi yokha kuzungulira mimba yonse, tepi imawonjezeka ndi masentimita opitirira pang'ono 6, ngakhale m'kati musanasinthe kanthu. Choncho amayi awiri a mimba ya masentimita 90 angasiyane: wina mafuta ake ambiri ndi otsinika, winayo ndi obisika. Sindikunena kuti tepi imayeza mafuta a m'kati. Ndikunena kuti imawayandikira, ndipo pali zifukwa ziwiri zimene kuyandikira kwakeko kumaposera kwa sikelo. Choyamba, mafuta a m'kati akachuluka alibe kothawira, amakankha khoma la mimba, ndipo tepi imaona kukankhako pa munthu ameneyu, osati pa gulu la anthu ena. Chachiwiri, kukula kwa mimba kwafufuzidwa kwa zaka zambiri m'maiko ambiri, ndipo kwapezeka kuti kumalosera matenda a shuga ndi a mtima pakokha. Ife chimene tikuopa si mafuta ngati mafuta, tikuopa matendawo. N'zochititsa chidwi kuti ku Japan, kumene makampani awiri ndatchula aja amachokera, atafuna malire oti aziwagwiritsa ntchito poyeza anthu, anatenga masikweya sentimita 100 a mafuta a m'kati pa chithunzi cha CT, n'kuwasandutsa muyeso wa tepi: masentimita 85 kwa amuna ndi 90 kwa akazi.

Koma tepi imathandiza pokhapokha mwaigwira bwino, ndipo apa ndi pamene ambirife timadzinamiza. Amuna ambiri akafunsidwa za mimba amatchula nambala ya buluku, amati ine ndimavala 34. Buluku limakhala kunsi kwa mimba, m'chiuno, pamene mimbayo ikulendewera pamwamba pa lamba. Malo oyenera ndi ena. Imirirani, mapazi ali pafupi, malaya mutakweza. M'mbali mwa thupi fufuzani ndi zala nthiti yomaliza ya pansi, kenaka nsonga ya pamwamba ya fupa la chiuno. Pakati pa ziwirizi ndi pamene tepi idutse, ndipo mwa anthu ambiri pamakhala pamwamba pang'ono pa mchombo. Tepi ikhale yolingana kutsogolo ndi kumbuyo, yogunda khungu koma yosalowa m'thupi. Tulutsani mpweya monga mwa masiku onse, osabweza mimba ngati mukujambulitsa, ndipo werengani. Bwerezani kawiri, ndipo chitani m'mawa musanadye, osati mutangomaliza nsima ya masana. Tepi yakale yansalu imatanuka, ndiye ngati yayamba kufutukuka m'mphepete gulani ina.

Manambala oyerekezera nawo ndi awa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo chimayamba kukwera mimba ikapitirira masentimita 94 kwa amuna ndi 80 kwa akazi, ndipo chimakwera kwambiri ikapitirira 102 kwa amuna ndi 88 kwa akazi. Atelala athu a m'makhonde amawerenga mbali ya mainchesi, ndiye kwa iwo 94 ndi mainchesi 37, ndipo 80 ndi mainchesi 31 ndi theka. Alamu anga aja, amene amavala buluku la 34, tepi inawapeza pa masentimita 96.

Apa a mbali inayo ali ndi mfundo yachitatu, ndipo amaiponya mokondwa. Amati manambala a tepiwo anachokera kwa azungu, ndiye ife akutikhudza bwanji? N'zoonanso. Malire amenewa anachokera kwenikweni pa kafukufuku wa anthu a ku Ulaya, ndipo bungwe la matenda a shuga la IDF linalangiza kuti maiko a kuno kum'mwera kwa Sahara azibwereka manambala omwewo mpaka athu atapezeka. Kafukufuku wa ku South Africa ndi ku America waonetsanso kuti amayi akuda nthawi zambiri amakhala ndi mafuta a m'kati ochepa poyerekeza ndi amayi achizungu a mimba yofanana kukula. Choncho mayi wa ku Chikanda amene tepi yamupeza pa 82 asayambe kulira maliro. Koma taonani kuti mfundo imeneyi ikubaya sikelo koposa tepi. Masamu obisika a m'sikelo nawonso anachokera kwa anthu ena akutali, ndipo pamenepo sitingathe ngakhale kuwaona kuti tiwakonze. Pa tepi, muyeso ndi wanu weniweni, chobwereka ndi malire okha, ndipo malire angasinthidwe mawa muyesowo n'kukhalabe wothandiza.

Ndiponso pali njira yochepetsera vutoli imene ine ndimaikonda, chifukwa imaganizira msinkhu wa munthu. Lamulo lake n'lakuti mimba isafike theka la msinkhu wanu, ndipo bungwe la zaumoyo la NICE la ku Britain linaliika m'malangizo ake mu 2022. Alamu anga ndi a masentimita 170, theka lake ndi 85, mimba yawo ndi 96. Mukagawa 96 ndi 170 mumapeza 0.56. Kuyambira pa 0.5 mafuta a pamimba achuluka, kuyambira pa 0.6 achuluka kwambiri. Ubwino wake ndi wakuti sipafunika ngakhale tepi. Tengani chingwe, chiduleni molingana ndi msinkhu wanu kuchokera pansi kufika pamutu, chipindeni pawiri, n'kuchikulunga pamimba. Nsonga zikakana kukumana, mwadziwa. Tinayesa zimenezi pakhonde pa alamu, ndipo pakati pa nsonga ziwirizo panatsala mpata woti chikhato changa chinalowa bwinobwino.

Mfundo yomaliza ya anzathuwa ndi yakuti ngakhale nambala ya sikelo isakhale yolondola, imathandiza kuona ngati ukutsika kapena ukukwera, ndipo imalimbikitsa munthu. Apa sinditsutsa kwambiri. Amene muli nayo kale, igwiritseni ntchito, makamaka pa kulemera, pamene siinama. Ingodziwani kuti magetsi aja amasokonezeka ndi madzi a m'thupi. Kuyeza mutangotsika kuphiri muli thukuta, kapena madzulo miyendo itatupa ndi kuimirira, kapena ndi mapazi ouma ong'aluka a m'chilimwe, kumapereka zosiyana ndi kuyeza m'mawa. Ndipo nambala ya mafuta a m'kati ija imatsata kulemera kwambiri, moti ikatsika nthawi zambiri ikungobwereza zimene makilogalamu anena kale. Apa ndi pamene wogulitsa tiyi wotsegula m'mimba amapezerapo mwayi. Mukataya madzi kwa sabata mumapepuka, nambala ingatsike, iye n'kuwomba m'manja, mafuta ali pomwepo. Kumbali ina, munthu amene wayamba kuyenda mtunda tsiku lililonse angachepetse mimba kulemera kusanasinthe kwenikweni. Sikelo ingamufooketse munthu wotere, pamene lamba wake akumuuza zoona. Chenjezo limodzi lokha losafuna mkangano: amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda asaponde pa sikelo yamagetsiyi, ndipo opanga ake omwe amalemba zimenezi.

Tepi nayo ili ndi pamene iyenera kukhala chete. Siigwira ntchito kwa mayi woyembekezera kapena amene wangochira kumene, ndipo malire ndatchula aja si a ana. Mimba imene yakula mofulumira m'masabata ochepa, makamaka munthu akuonda mikono ndi nkhope kapena miyendo ikutupa, si nkhani ya mafuta ayi. Angakhale madzi obwera ndi matenda a chiwindi kapena a mtima, kapena chotupa, ndipo kumeneko n'kofunika kuchipatala msanga, osati tiyi.

Kwa ena tonsefe, mimba yopitirira theka la msinkhu si matenda, ndi chifukwa chokayezetsa zinthu zimene zimayezeka zenizeni, kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Alamu anga anapita kuchipatala Lachiwiri lotsatira asanadye kanthu. Shuga anamupeza bwino, koma magazi anali okwera, ndipo anawauza kuti abwerenso akayezedwe kachiwiri asanagamule chilichonse. Chingwe chija anachikoloweka pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo mpatawo tidzauyezanso pakatha miyezi itatu.